Eliya ya Khungu la Chinthu Chozungulitsidwa: Mafunso ndi Mayankho

Kodi tikuyesa chiyani kwenikweni?

Tengani mzere wokhota wa y = f(x), kuyambira pa x = a kulekeza pa x = b, muuzungulitse pa mzere wa x. Umapanga chinthu chobulungira. Ife tikufuna kukula kwa khungu lake lakunja, osati za m'kati mwake. Fomula yake ndi iyi:

S = ∫ 2πy √(1 + (dy/dx)²) dx

Nanga sikweya ruti ameneyu akuchokera kuti?

Dulani khungulo m'timalamba tating'ono. Kalamba kalikonse kali ngati ndowa yamalata yopanda pansi: m'mbali mwake ndi mopendekeka. Kuzungulira kwake ndi 2πy, pakuti y ndiye rediyasi. Koma m'lifupi mwake si dx ayi. Ndi kachidutswa ka mzere wokhota uja, kotchedwa ds, ndipo lamulo la Pythagoras likuti ds² = dx² + dy². Mukatulutsa dx kunja, mutsala ndi ds = √(1 + (dy/dx)²) dx.

Amene akukayika ayese ndi y = x, kuyambira 0 mpaka 1. Mzerewu umapanga koni ya rediyasi 1, mbali yake yopendekeka √2, choncho eliya yake ndi π√2. Mukasiya ruti n'kulemba dx yekha, mupeza π basi. Ndiye kuti mwataya gawo lalikulu la khungu.

Za m'kati mwa ruti zikaoneka zoopsa, tiyambire pati?

Musathamangire kuchita intigiralo. Yambani mwakonza 1 + (dy/dx)² payokha, pambali. Tiyeni tione y = x³/6 + 1/(2x), kuyambira x = 1 mpaka x = 2.

dy/dx = x²/2 − 1/(2x²)

Tikaichulukitsa ndi iyo yomwe, pamatuluka zigawo zitatu. Chapakati ndicho chofunika kuchisamala: 2 kuchulukitsa x²/2 kuchulukitsa 1/(2x²), ma x² aphana, patsala 1/2.

(dy/dx)² = x⁴/4 − 1/2 + 1/(4x⁴)

Tsopano onjezani 1 uja. Iye sakhudza zigawo za m'mphepete; amangosandutsa −1/2 kukhala +1/2.

1 + (dy/dx)² = x⁴/4 + 1/2 + 1/(4x⁴) = (x²/2 + 1/(2x²))²

Taonani zachitika apa. Ndi zigawo zomwe zija za dy/dx, kungoti pamene panali chizindikiro chochotsera pabwera chophatikiza. Ruti uja wachoka, tatsala ndi x²/2 + 1/(2x²). Izi si mwayi: olemba mafunso amasankha dala mzere wotere kuti zitheke ndi pensulo. Choncho mukaona −1/2 pakati, dziwani kuti muli pa njira yoyenera. Mukapeza −1/4, bwererani, mwaiwala 2 wa chigawo chapakati.

Kodi tingangochotsa ruti popanda kuganiza za chizindikiro?

Ayi. Ruti wa A² ndi |A|, chifukwa utali sungakhale wochepera ziro. Pano x²/2 + 1/(2x²) ndi yoposa ziro paliponse pakati pa 1 ndi 2, ndiye palibe vuto. Koma muzionetsetsa nthawi zonse. Chimodzimodzinso rediyasi: ngati mzere watsikira pansi pa mzere wa x, lembani |y|.

Cholakwika china chimandipweteka mtima ndikachiona pa pepala la wophunzira wakhama: kulemba √(1 + A²) = 1 + A. Ikani A = 3/4. Ruti wa 25/16 ndi 5/4, pamene 1 + A ndi 7/4. Ruti sagawidwa pa zinthu zophatikizidwa.

Timalize bwanji?

Chulukitsani y ndi chimene chatsala chija. Pamatuluka x⁵/12, x/12, x/4 ndi 1/(4x³), ndipo ziwiri zapakatizo zikaphatikizana ndi x/3.

S = 2π ∫ (x⁵/12 + x/3 + 1/(4x³)) dx = 2π [x⁶/72 + x²/6 − 1/(8x²)]

Kuika 2 n'kuchotsa za 1 kukupereka 7/8 + 1/2 + 3/32 = 47/32. Choncho S = 47π/16, pafupifupi 9.23.

Ndingadziwe bwanji kuti yankholi ndi lomveka?

Lumikizani nsonga ziwiri za mzerewo ndi mzere wowongoka. Pa x = 1, y ndi 2/3; pa x = 2, y ndi 19/12. Mzere wowongokawo ndi wotalika pafupifupi 1.36. Eliya ya lamba mmodzi wamkuluyu ndi π kuchulukitsa maradiyasi awiriwo ophatikizidwa, omwe ndi 2.25, kuchulukitsanso 1.36, kapena kuti pafupifupi 9.6. Yankho lathu la 9.23 lili pafupi pomwepo. Mukadapeza 4.6, mukadadziwa kuti 2 wa mu 2π watayika panjira.

Nanga sikweya akakana kutuluka?

Yesani kulowetsa y m'kati mwa ruti. Pa y = √x, dy/dx ndi 1/(2√x), ndipo √x kuchulukitsa √(1 + 1/(4x)) kumangokhala √(x + 1/4). Kuyambira 0 mpaka 2, eliya ndi 13π/3. Koma mizere ina, monga y = x⁴ pozungulira mzere wa x, siigonja ku njira ziwirizi. Pamenepo lembani intigiralo yanu molondola, kenaka muiwerengere moyandikiza ndi lamulo la Simpson.