Masamu pa Wailesi: Avereji Ikasuntha, Bwererani ku Mulu

Muulutsi: Aphunzitsi, kalata yoyamba yachokera kwa mtsikana wa Sitandade 8 ku Dedza. Akuti: ana 5 analemba mayeso, avereji yawo inali malikisi 60. Mwana wina amene anadwala analemba mochedwa, avereji ya ana 6 onse inakhala 62. Kodi wochedwayu anapeza malikisi angati? Iye wapeza 64, koma aphunzitsi ake amuchongera kuti walakwa.

Aphunzitsi: Mwanawe, ndikuona kumene 64 wachokera. Waona kuti 62 ali pakati pa 60 ndi 64. Vuto ndi lakuti 60 uja si wa mwana mmodzi, akuimira ana asanu. Sungamuyeze pa sikelo ndi mwana mmodzi ngati kuti akulemera mofanana.

Avereji sitiiphatikiza kapena kuichotsera mwachindunji. Timayamba taibweza ku mulu umene inachokera. Taganiza kuti malikisi ndi mbatata zothiridwa pamalo amodzi. Ngati ana 5 atagawana mofanana aliyense n'kutenga 60, ndiye kuti mulu unali 5 kuchulukitsa ndi 60, zomwe ndi 300. Wachisanu ndi chimodzi atabwera, aliyense akutenga 62, choncho mulu watsopano ndi 6 kuchulukitsa ndi 62, zomwe ndi 372. Mulu wakula ndi 72. Wabweretsa 72 ameneyu ndani? Ndi wochedwa uja.

Muulutsi: Koma 72 akumveka wochuluka, poti avereji yangokwera ndi 2 yekha.

Aphunzitsi: Apo m'pamene ambiri amakayikira yankho lolondola n'kulifufuta, ndipo zimandiwawa ndikamachonga. Mwana uja ayenera kudzisungira 62 wakewake, kenako n'kupatsa anzake asanu aja 2 aliyense kuti achoke pa 60 afike pa 62. Amenewo ndi malikisi 10. Kuphatikiza 62 ndi 10, tapezanso 72. Gulu likakula, kulisuntha kumafuna mphamvu zambiri. Akanakhala ana 40, sakanatha n'komwe kuwakweza ndi 2, chifukwa akanafunika malikisi 142 pa mayeso a malikisi 100.

Muulutsi: Yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Mchinji, mlembi wa kalabu ya alimi 9. Analengeza kuti avereji ya zokolola ndi matumba 40 a chimanga pa mlimi aliyense. Pambuyo pake anatulukira kuti mayi wina anakolola matumba 52, koma m'kaundula munalembedwa 25. Akufunsa ngati ayambirenso kuwonkhetsa.

Aphunzitsi: Ayi bambo, musadzivutitse. Mulu wolakwika uja ndi 9 kuchulukitsa ndi 40, matumba 360. Chotsanimo 25 amene analowa molakwika, mutsala ndi 335. Ikanimo 52 weniweniyo, mupeza 387. Tsopano samalani: mugawe ndi 9 yemweyo. Palibe mlimi amene walowa kapena kutuluka m'kalabu, nambala yokha ndiyo yakonzedwa. Ana ambiri pa mayeso amagawa ndi 10, poganiza kuti awonjezera munthu, ena amaika 52 osachotsa 25. Tikagawa 387 ndi 9 tipeza 43.

Pali njira yachidule yotsimikizira. Mayiwa anawabera matumba 27 papepala. Gawani 27 kwa alimi 9, aliyense alandira 3, avereji ichoka pa 40 kufika pa 43. Ndipo poti ndinu mlembi, sungani ichi: manambala awiri akasinthana malo, ngati 52 ndi 25, kusiyana kwake kumagawika ndi 9 nthawi zonse. Mabuku akakana kugwirizana ndi 18, 27 kapena 36, yambani mwafufuza nambala yolembedwa chotembenuza.

Muulutsi: Yotsiriza ndi ya mnyamata wa Fomu 2 ku Balaka. Manambala 8 ali ndi avereji 15. Atachotsapo imodzi, avereji yatsika kufika pa 14. Yachotsedwayo ndi iti?

Aphunzitsi: Njira ndi yomweyo. Mulu woyamba ndi 120. Otsala ndi manambala 7, ndipo 7 kuchulukitsa ndi 14 ndi 98. Kusiyana kwake ndi 22. Usanawerengere n'komwe, dziwa kuti avereji ikatsika, chimene chachoka chinali chachikulu kuposa avereji yakale. Ukapeza yankho lochepera 15, walakwitsa penapake.

Muulutsi: Kodi njirayi imagwira ntchito nthawi zonse?

Aphunzitsi: Imagwira ngati avereji sinadulidwe. Manambala 7 okwana 100 amapereka avereji ya 14.2857 ndi zotsatira zake, koma ambiri amangolemba 14.3. Mukachulukitsa 14.3 ndi 7 mupeza 100.1. Apa n'zosavuta kuona kuti mulu unali 100, poti palibe amene amapeza kachidutswa ka malikisi. Koma akanakhala anthu 700, avereji yodulidwayo ikanakupatsani 10,010 m'malo mwa 10,000. Choncho bambo a ku Mchinji aja, m'kaundula wawo azilemba matumba onse pamodzi pambali pa avereji, kuti tsiku lokonza akhale ndi poyambira penipeni.