Kujambula mzere wa zaka pa phunziro la mbiri: tiyesere pa nkhani ya ufulu wa Malawi

Ophunzira ambiri amene ndimawathandiza madzulo amabwera ndi tsamba lodzaza zaka, mwina makumi awiri, chaka chilichonse ndi dzina pambali pake. Amaloweza zonse, koma mukawafunsa kuti nchifukwa chiyani Dr Banda anamangidwa, amangokhala chete. Mzere wa zaka umathandiza pokhapokha ukhale ndi zaka zochepa, ndipo chaka chilichonse chizikoka chinzake. Ndikuonetsani pa nkhani ya mmene Nyasaland inasandukira Malawi.

Tengani pepala lalikulu, muligoneke chopingasa, mujambule mzere pakati. Kumanzere lembani 1953, kumanja 1964. Ndi zaka 11, choncho chaka chilichonse chipatseni masentimita awiri. Mzere wonse ukhala masentimita 22. Ngati mulibe rula, yezani ndi chala chachikulu. Musadumphe kuyezaku, pakuti diso limakumbukira mipata kuposa manambala.

Tsopano ikani zaka zisanu zokha. 1953, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chiyamba. 1958, Dr Hastings Kamuzu Banda abwerera kwawo. 1959, boma lilengeza kuti dziko lili pa ngozi ndi kumanga atsogoleri. 1961, chipani cha Malawi Congress Party chipambana chisankho. 1964, ufulu. Mukayang'ana muona kuti pakati pa 1953 ndi 1958 pali mpata waukulu, pamene 1958 ndi 1959 zathithikana. Mpatawo wakuuzani kale kuti zinthu zinathamanga Banda atafika.

Ntchito yeniyeni ili pa mivi. Kuchoka pa chaka china kupita pa chinzake jambulani muvi, ndipo pamwamba pake lembani chifukwa m'mawu ochepa. Muvi woyamba: Aafirika anakana chitaganya poopa kulamulidwa ndi azungu a ku Southern Rhodesia, ndipo achinyamata a m'chipani cha Nyasaland African Congress anafuna mtsogoleri wachikulire woti anthu amumvere, motero anaitana Banda. Wachiwiri: misonkhano yake yotsutsa chitaganya inautsa anthu, zipolowe zinakula, boma linayankha ndi ndende pa 3 Malichi 1959. Wachitatu ndi umene ambiri amasiya, pomwe ndiwo wofunika kwambiri. Anthu anaphedwa, ambiri a iwo ku Nkhata Bay, lipoti la Devlin linadzudzula boma, ndipo Britain inaona kuti ndende sizithetsa nkhaniyo. Banda anamasulidwa mu Epulo 1960, zokambirana za malamulo atsopano zinachitika, ndiye chisankho cha 1961. Muvi womaliza: chisankho chinaonetsa poyera kuti ovota sakufuna chitaganya, chinatha kumapeto kwa 1963, ufulu unatsatira.

Mwaona kuti 1960 ndi 1963 zalowa popanda kuziloweza. Zakhala pa mivi, ndipo mungazipeze poganiza: Banda anatuluka chaka chimodzi atamangidwa, chitaganya chinatha chaka cha ufulu chisanayambe.

Maina alembeni pansi pa mzere, ndipo dzina lililonse likhale ndi chimene mwiniwake anachita. "Orton Chirwa" payekha ndi katundu chabe m'mutu. "Orton Chirwa anayambitsa MCP mu 1959 Kongeresi italetsedwa" ndi yankho la mayeso. Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume aikeni pansi pa muvi woyamba, poti ndiwo anali patsogolo poitana Banda. Bwanamkubwa Robert Armitage akhale pa 1959, chifukwa ndiye analengeza za ngozi ija. Ine sindilola maina opitirira awiri pamalo amodzi. Ena onse akhale m'kope.

Kuti mudziwe ngati muvi ndi woona, werengani mokweza ndi mawu akuti "nchifukwa chake" pakati. Roy Welensky anakhala nduna yaikulu ya chitaganya mu 1956, nchifukwa chake Banda anabwerera? Sizikumveka. Zinangotsatizana, choncho pamenepo pasakhale muvi. Koma chenjerani: muvi umodzi ungakunamizeni kuti chifukwa chinali chimodzi. Anthu anakwiyanso ndi nkhani za malo, thangata ndi malamulo okakamiza a malimidwe. Izi zinatenga zaka zambiri, zilibe tsiku limodzi, ndiye zilembeni m'kabokosi katali pansi pa maina.

Masiku a mwezi musavutike nawo kupatula awiri. 3 Malichi mukulidziwa kale, ndi tsiku lokumbukira amene anafera ufulu. 6 Julaye limagwira ntchito katatu: Banda anafika pa tsikuli mu 1958, ufulu mu 1964, ndipo dziko linakhala lipabuliki mu 1966.

Mukamaliza, tembenuzani pepala, mujambulenso osayang'ana. Mawa lake bwerezani, kenako patapita sabata. Pamene mwakakamira, bwererani ku buku mukawerenge za muvi wokhawo, osati mutu wonse. Kawirikawiri chaka chimene chathawa chimakhala choti chifukwa chake simunachimvetse.