Bafa ya fosifeti: bwanji pH ikutsika?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ina ya sekondale ku Chongwe. Ndinafuna lita imodzi ya bafa ya fosifeti ya 0.1 M, pH 7.0. Ndinawerengera ndi pKa ya 7.2 monga buku likunenera, koma mita inaonetsa 6.6. Chavuta n'chiyani?

Yankho: Aphunzitsi, masamu anu ndi olondola. Koma 7.2 imagwira ntchito mchere ukakhala wochepa kwambiri m'madzi, pa 0.1 M pKa imatsikira pafupi ndi 6.8. Gwiritsani ntchito 6.8 imeneyi mu fomula iyi:

pH = pKa + log([Na₂HPO₄]/[NaH₂PO₄])

Mupeza kuti mukufunika pafupifupi 0.061 mol ya Na₂HPO₄ ndi 0.039 mol ya NaH₂PO₄.

Musanayeze, werengani bwino zolembedwa pabotolo, chifukwa ambiri amagwera pamenepa. Na₂HPO₄ wopanda madzi mufunika magalamu 8.66, koma ngati ndi Na₂HPO₄·12H₂O mufunika magalamu 21.85. Madzi obisika m'mcherewo nawonso amalemera. Wa NaH₂PO₄·H₂O yezani magalamu 5.38.

Sungunulani zonse m'mamililita 800 a madzi otchezedwa. A pachitsime ayi: kasiyamu wake amagwirana ndi fosifeti, ndipo bafa imachita mbuu. Ikani mita, mutayamba mwaikonza ndi bafa zogula za pH 7 ndi 4. Ikaonetsa pansi pa 7.0, donthezani NaOH pang'onopang'ono mukutakasa. Ikapitirira, donthezani asidi wa fosiforiki. Mukatero ndiye muonjezere madzi kufika lita imodzi.

Bafayo ikachita litsiro patapita masiku, ndiye kuti mwamera tizilombo. Itayeni, mupange ina.