Mafunso ndi Mayankho pa Wailesi: Mowa Wochepa ndi Khansa

Makalata amene omvera anatumiza ku pologalamu ya zaumoyo sabata ino anali okhudza mowa, ndipo ngakhale kuti anachokera m'maboma osiyanasiyana, ambiri mwa iwo anayamba ndi mawu ofanana, akuti wolembayo si chidakwa, amamwa pang'ono chabe ndipo sanagonepo m'ngalande. Dokotala wa matenda a khansa amene amayankha makalatawa anati mawu amenewa ndiwo amamudetsa nkhawa kuposa ena onse, chifukwa anthu amayeza kuopsa kwa mowa poona kuledzera, pamene thupi limawerengera kuchuluka kwa mowa wonse umene walowamo pa zaka zambiri, kaya mwini wake anadzandirapo kapena ayi.

Kalata yoyamba inali ya bambo wina wa ku Dedza, amene anafunsa ngati mowa wa masese, pokhala wophikidwa ndi chimanga ndi chimera, uli wabwino kuposa kachasu ndi mowa wa m'mabotolo. Dokotalayo anayankha mwachidule kuti chimene chimaledzeretsa m'zakumwa zonsezi ndi chimodzi, chotchedwa etanolo, ndipo ndicho chimene chimayambitsa khansa, kotero kuti kusiyana kwake kuli pa kuchuluka kokha. Botolo la mowa la mamililita 330 limene mphamvu yake ndi magawo 5 pa 100 lili ndi magalamu pafupifupi 13 a etanolo, pamene lita imodzi ya masese imene yafika magawo 4 pa 100 ili ndi magalamu oposa 30, ndipo popeza masese amamwedwa m'chipanda chachikulu tsiku lonse, bamboyo angakhale akumwa etanolo wambiri kuposa mnzake wa botolo limodzi. Mayi wina wa ku Zomba anafunsa za thobwa, ndipo anauzidwa kuti thobwa la lero lilibe vuto, koma likagona masiku n'kuyamba kuwawa ndiye kuti lasanduka mowa. Mnyamata amene anafunsa ngati kudya nyama yootcha kapena kumwa mkaka asanayambe kumwa kumateteza anauzidwa kuti chakudya chimangochedwetsa kuledzera, koma etanolo amene wamezedwa amalowabe m'magazi.

Kalata imene dokotalayo anakhalitsa nayo inachokera kwa mayi wa zaka 46 wa ku Lilongwe, wogwira ntchito mu ofesi, amene analemba kuti amamwa matambula awiri a vinyo wofiira madzulo alionse kwa zaka khumi tsopano, kuti anamva zoti vinyo amathandiza mtima, ndiponso kuti mkulu wake anapezeka ndi khansa ya m'mawere chaka chatha. Mayiyu anafuna kudziwa ngati kamwedwe kotere, kamene sikanamuledzeretsepo, kangakhale ndi vuto.

Poyankha, dokotalayo anayamba wanena kuti nkhaniyi si yatsopano kwa akatswiri, popeza nthambi yofufuza za khansa ya bungwe loona zaumoyo padziko lonse, imene ili mu mzinda wa Lyon ku France, inaika zakumwa zoledzeretsa m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa m'chaka cha 1988, gulu lomwe mulinso fodya, ndipo m'chaka cha 2007 inaonjezera khansa ya m'mawere ndi ya m'matumbo aakulu pa mndandanda wa khansa zimene mowa umayambitsa. Zina pa mndandandawo ndi khansa ya m'kamwa, ya pakhosi, ya m'kholingo momwe mumatuluka mawu, ya kum'mero momwe mumadutsa chakudya, ndi ya chiwindi. Kafukufuku wa nthambi yomweyo anapeza kuti m'chaka cha 2020 anthu pafupifupi 741,000 padziko lonse anapezeka ndi khansa yobwera chifukwa cha mowa, ndipo oposa 100,000 mwa iwo anali omwa magalamu osapitirira 20 pa tsiku, amene ndi mowa wosakwana mabotolo awiri.

Anapitiriza kufotokoza mmene zimachitikira m'thupi. Etanolo akalowa, thupi limamusandutsa chinthu china chotchedwa asetadehaidi, chimene ndi poizoni ndipo chimathandizira kuti munthu amve matsire, kenako limasandutsa asetadehaidiyo kukhala chinthu chofanana ndi viniga, chimene chilibe vuto. Pa nthawi imene asetadehaidi akudikira kusandutsidwa, amamatirira ku DNA, amene ndi malangizo olembedwa mkati mwa selo lililonse onena mmene liyenera kukulira ndi nthawi imene liyenera kuleka kugawikana, ndipo amawononga malangizowo komanso kufooketsa njira zimene selo limadzikonzera. Selo limodzi likasokonekera n'kuyamba kuchulukana mosalekeza, chotupa cha khansa chimayamba, ngakhale kuti pamadutsa zaka zambiri chisanaonekere.

Pa bere pali njira yachiwiri, imene inamukhudza kwambiri mayi wa ku Lilongweyo. Mowa umakweza mlingo wa esitirojeni m'magazi, amene ndi homoni yachikazi yolamula maselo a m'mawere kuti akule, ndipo khansa zambiri za m'mawere zimakula mothandizidwa ndi homoni imeneyi. Akatswiri ataphatikiza zotsatira za kafukufuku 53 m'chaka cha 2002 anapeza kuti magalamu 10 alionse a etanolo amene mayi amamwa pa tsiku amakweza chiopsezo cha khansa ya m'mawere ndi magawo pafupifupi 7 pa 100. Dokotalayo anawerengera mayiyo pa wailesi pomwepo: tambula ya vinyo ya mamililita 150 ili ndi magalamu pafupifupi 14, matambula awiri ndi magalamu 28, ndiye kuti chiopsezo chake chakwera ndi magawo pafupifupi 20 pa 100 poyerekeza ndi mayi wosamwa, ndipo anachenjeza kuti tambula imene munthu amadzithirira yekha kunyumba kawirikawiri imakhala yodzaza kuposa muyezo umenewu.

Apa anaima kaye kuti omvera asamve molakwa, chifukwa kukwera ndi magawo 20 pa 100 sikutanthauza kuti amayi 20 mwa 100 alionse akumwa adzadwala. Anapereka chitsanzo cha ziwerengero zimene mkulu woona zaumoyo wa anthu ku United States anatulutsa mu Januwale 2025, zosonyeza kuti mwa amayi 100 a kumeneko amene samwa kapena amamwa mwa apo ndi apo, pafupifupi 11 amadzadwala khansa ya m'mawere pa moyo wawo, mwa omwa chakumwa chimodzi pa tsiku amadwala 13, ndipo mwa omwa ziwiri amadwala 15. Ziwerengerozi ndi za dziko lina, kumene khansa imeneyi imapezeka kwambiri kuposa kuno, koma zikuonetsa bwino kuti amayi anayi owonjezerawo sakanadwala pakanapanda mowa. Kwa mayi amene mkulu wake wa bere limodzi wadwala kale, chiopsezo chimakhala chokwera ndi kale chifukwa cha magazi a kumtundu, ndipo dokotalayo anati pamene munthu sangasinthe mtundu wake kapena zaka zake, vinyo ndi gawo limene lili m'manja mwake. Za mtima anazidutsa msanga, ponena kuti palibe dokotala amene angalembere munthu vinyo ngati mankhwala, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse linanena mu 2023 kuti palibe mlingo wa mowa umene tingati ndi wopanda chiopsezo.

Ngakhale kuti funso la mayiyo linali litayankhidwa, dokotalayo sanalekere pomwepo, koma analowa nkhani ya kum'mero, imene omvera a pologalamuyi amadziwa kuti saiiwala sabata iliyonse. Anakumbutsa kuti Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kum'mero imapezeka kwambiri padziko lonse, ndipo anafulumira kunena kuti mowa si chifukwa chokha, pakuti ambiri odwala sanaulawepo, ndipo akatswiri akufufuzanso za utsi wa nkhuni, fodya ndi zakumwa zotentha kwambiri. Komabe m'kamwa ndi kum'mero ndi malo amene mowa umayamba kukhudza usanafike kwina kulikonse, ndipo tizilombo timene timakhala m'kamwa mwa munthu aliyense timasandutsa etanolo kukhala asetadehaidi m'malovu momwemo, kotero kuti munthu amene amamwa pang'onopang'ono kuyambira masana mpaka usiku amakhala akunyowetsa pakhosi pake ndi poizoniyo maola onsewo. Mowa umachititsanso kuti khungu lofewa la m'kamwa ndi pakhosi lilowetse mosavuta poizoni wa mu utsi wa fodya, n'chifukwa chake munthu amene amamwa komanso kusuta amakhala pa chiopsezo chachikulu kwambiri kuposa chimene chikanapezeka pongophatikiza chiopsezo cha mowa ndi cha fodya.

Anasimba za bambo wina, mlimi wa fodya wa zaka za m'ma 50, amene anafika kuchipatala atanyamula botolo lolavuliramo chifukwa ngakhale malovu sankatsika. Bamboyu anali atayamba ndi kutsamwa nyama, kenako nsima inayamba kuima pachifuwa mpaka ankaikankha ndi madzi, ndipo mkazi wake anayamba kumuphikira phala lamadzimadzi, banja lonse likuganiza kuti ndi zilonda za m'mimba kapena kuti wina wamuchita chipongwe. Miyezi isanu ndi umodzi inatha chotero, malamba a thalauza akuboolanso mabowo atsopano, ndipo pamene ankafika kuchipatala chachikulu chimene madokotala anatha kuchita chinali kumuika kapaipi kum'mero kuti azitha kumeza. Dokotalayo anadzudzula mofatsa abambo amene amaona kudandaula za kumeza ngati kufooka, ndiponso achibale amene amayamba azungulira kwina konse n'kumaliza ndi chipatala.

Kenako anabwereza zizindikiro zimene amatchula nthawi zonse. Chakudya chikayamba kuima pakhosi kapena pachifuwa, mawu akasasa kwa milungu itatu popanda chimfine, chilonda cha m'kamwa chikakana kupola kwa milungu itatu, kapena pakhosi pakatuluka chotupa cholimba, munthu apite kuchipatala sabata yomweyo. Kwa amayi anatchula chotupa cha m'bere kapena m'khwapa, nsonga ya bere yolowa mkati, khungu la bere lokhala ngati khoko la lalanje, ndi magazi otuluka kunsonga, ndipo anatsindika kuti chotupa cha khansa nthawi zambiri sichipweteka poyamba, kotero kusamva ululu si chifukwa chodikirira.

Kalata yomaliza inali ya bambo wa ku Mangochi amene wamwa kwa zaka makumi awiri ndipo anafunsa ngati kusiya tsopano kuli ndi phindu. Anayankhidwa kuti phindu lilipo, chifukwa umboni ukusonyeza kuti chiopsezo cha khansa ya m'kamwa ndi ya kum'mero chimatsika munthu akasiya, ngakhale kuti chimatsika pang'onopang'ono pa zaka zambiri, ndipo amene sangathe kusiyiratu amapindulabe akachepetsa. Anachenjezedwanso kuti ngati amanjenjemera m'mawa asanamwe, asasiye mwadzidzidzi payekha, chifukwa angathe kukomoka, koma apite kuchipatala akathandizidwe kusiya bwinobwino. Nthawi itatsala pang'ono kutha, dokotalayo anabwereranso kwa mayi wa ku Lilongwe uja, n'kumupempha kuti asiye matambula awiri a madzulowo, ndiponso kuti mwezi uno usathe asanapite kukayezetsa mawere ndi kuuza adokotala za matenda a mkulu wake.