Kugunda kwa mtima ndi kutopa mwa mwana amene anadwalapo rumatiki

Mwana akadwala nyamakazi yogwira mtima, imene achipatala amaitcha rumatiki, mawondo ndi zigongono zimachira pakatha milungu ingapo. Wabwerera kusukulu, akudya bwino, ndipo pakhomo aliyense aiwala. Koma mtima suchira mofulumira chotero. Matendawa amayamba ndi zilonda zapakhosi zobwera ndi tizilombo totchedwa sitirepu, kawirikawiri mwa ana a zaka 5 mpaka 15. Pakapita milungu iwiri kapena itatu, chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi thupi lomwelo. Molumikizana mafupa mumatupa n'kuphwa osasiya chipsera, pamene timavavu ta mu mtima, tomwe timatseka ndi kutsegula ngati zitseko kuti magazi asabwerere m'mbuyo, timatha kutsala topunduka. Rumatiki ikabweranso kachiwiri kapena kachitatu, chipseracho chimakula.

N'chifukwa chake mwana wotere amabayitsa jakisoni wa penisilini masiku 28 alionse, ena masiku 21, kwa zaka zambiri. Koma pakati pa jakisoni ndi jakisoni mnzake pali milungu inayi imene mwanayo amakhala m'manja mwa makolo. M'masiku amenewo, zinthu ziwiri zimene kholo lingathe kuona popanda chida chilichonse ndi kugunda kwa mtima ndi katopedwe ka mwanayo.

Kuwerenga kugunda kwa mtima

Vavu ikamadontha kapena ikathina, mtima umatumiza magazi ochepa pa kugunda kumodzi. Kuti thupi lisaperewere, mtima umafulumira. Umafulumiranso pamene mnofu wake watupa chifukwa rumatiki yabwerera. Choncho kufulumirako nthawi zambiri kumayamba miyendo isanatupe, mwana asanayambe n'kudandaula komwe.

Kuwerenga kwake n'kosavuta. Mwana akhale pansi kapena agone mwakachetechete kwa mphindi 10. Kholo liike zala ziwiri, cha mkombaphala ndi chapakati, pamkono pamene chikhatho chathera, mbali ya chala chachikulu, osakanikiza kwambiri. Chala chachikulu sichigwiritsidwa ntchito powerenga, chifukwa chili ndi kugunda kwakekwake ndipo munthu angathe kudziwerenga yekha. Kenaka awerenge mphindi yathunthu akuyang'ana wotchi ya pafoni. Anamwino ena amawerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa kanayi, ndipo kwa munthu wamba zimakwanira. Kwa mwana wa vuto la mtima mphindi yonse ndiyo yabwino, chifukwa mtima wodumphadumpha sumadziwika pa kanthawi kochepa.

Wachinyamata amene wakhala phee, mtima wake umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Mwana wa kupulayimale amaposerapo pang'ono, mwina mpaka 110. Koma mpata umenewu ndi waukulu. Mwana amene masiku onse amakhala pa 70 akafika pa 98 ndiye kuti china chasintha, ngakhale kuti 98 akadali m'malire. Chothandiza kwambiri ndi kudziwa nambala ya mwanayo ali bwino. Iwerengedwe masiku atatu kapena anayi otsatizana, ilembedwe m'kope ndi deti lake, kopelo lisungidwe pamodzi ndi buku la kuchipatala.

Nthawi yabwino koposa ndi pamene mwana ali m'tulo tofa nato. Masana mtima umathamanga ndi zambiri: mantha a mayeso, kuthamangira minibasi, dzuwa la mu Okutobala, tiyi wa masamba ambiri, ngakhale kungoona kuti amayi akumugwira mkono nkhope ili yodandaula. M'tulo zonsezi zimachoka ndipo mtima wabwinobwino umatsika. Mtima wotupa kapena wolemedwa sutsika. Wachinyamata amene ali m'tulo koma mtima ukugunda mopitirira 100, thupi lisakutentha, ayenera kukaonedwa kuchipatala.

Zala zimvenso kayendedwe kake. Mtima wa mwana umafulumira pang'ono akamakoka mpweya n'kutsika akamautulutsa, ndipo zimenezo si matenda. Chodetsa nkhawa ndi kugunda kopanda dongosolo lililonse: kuwiri kofulumira, kaphee, kutatu kofooka, kumodzi kwamphamvu. Zotere zimachitika chipinda cha mtima chikafutukuka chifukwa cha vavu yothina. Magazi amatha kuundana m'chipindacho, ndipo kachibuluma kakathawira ku ubongo mwana amafa ziwalo ngati munthu wokalamba.

Kutopa kwake n'kotani

Ana onse amatopa, ndipo achinyamata amadziwa kutopa nthawi yotsuka mbale ikakwana. Kufunsa kuti "Watopa?" sikuthandiza kwenikweni. Ambiri amakana, poopa kuletsedwa mpira kapena kugonekedwa m'chipatala. Choyenera kuyang'ana ndi ntchito imene mwana ankaichita mosavuta mwezi watha: kachitunda ka panjira ya kusukulu, ndowa ya malita 20 kuchokera pampopi, masitepe a pamsika. Ngati tsopano akuima panjira kuti apume, kapena sakutha kumaliza chiganizo akuyenda, kutopa kumeneko n'kwa mtima mpaka dokotala atanena kuti ayi. Kutopa kwa masewera kumatha munthu akagona. Kwa mtima kumakhalapobe m'mawa, ndipo kumanka kukulirakulira mlungu ndi mlungu. Mwana wina sanena kanthu, amangosiya yekha kupita kubwalo n'kumakhala pakhonde, ndipo apakhomo amamuyamikira kuti wayamba kukhwima nzeru.

Usiku umaululanso zambiri. Mtima ukamalephera, madzi amadzadza m'mapapo munthu akagona chagada. Mwana amayamba kupempha pilo wachiwiri, kugona atatsamira khoma, kutsokomola usiku, kapena kudzidzimuka akubanika n'kuthamangira pawindo. Nsapato za kusukulu zikayamba kuthina madzulo, kholo likanikize chala pamwamba pa kakolo kwa masekondi angapo. Pakatsala kadzenje, amenewo ndi madzi.

Chitsanzo cha mtsikana wa Fomu 2

Mwachitsanzo, pali mtsikana wa zaka 14 amene anadwala rumatiki ali ndi zaka 11, ndipo atamujambula mtima anapeza kuti vavu ya kumanzere ikudontha pang'ono. M'kope la amayi ake munalembedwa kuti akakhala pansi mtima umagunda 84, ali m'tulo 72.

Mu Febuluwale wabwera kusukulu mutu ukuwawa, thupi latentha kufika 39, mtima uli pa 106. Nambala imeneyi yokha siikuloza mtima, pakuti thupi likatentha ndi digiri imodzi, kugunda kumakwera ndi 10 kapena kuposerapo. Amayi amupititsa tsiku lomwelo, ayezedwa chala, apezeka ndi malungo. Wamwa mankhwala, thupi lazizira, ndipo patatha masiku asanu ali m'tulo mtima uli pa 74. Kubwerera kumeneko ndiko kukhazika mtima wa kholo pansi. Nambala ikanakhalabe pamwamba thupi litazizira, akanayenera kubwereranso, chifukwa malungo amachepetsa magazi, ndipo kuchepa kwa magazi kumalemetsa mtima umene uli kale ndi vavu yodontha.

Patchuthi chachikulu mtsikanayo wapita kumudzi kwa agogo, ndipo jakisoni wa mu Ogasiti wamudutsa. Kumeneko wamva kuwawa pakhosi masiku atatu, wamwa panado, zatha. Sukulu itatsegulidwa, akufika pakhomo mochedwa. Mng'ono wake ndiye akuulula kuti achemwali akumapumira kawiri pachitunda. Bondo lawawa Lachiwiri, Lachinayi ululu wasamukira pachigongono. Usiku amayi awerenga: 104. Usiku wotsatira: 108. Thupi silikutentha kwenikweni.

Apa palibe chodikira. Tsiku la jakisoni likadali kutali ndi milungu iwiri, koma mtsikanayu ayenera kukhala kuchipatala m'mawa mwake. Jakisoni anaphonyedwa, pakhosi panawawa, ululu ukusamuka, ndipo mtima wakwera mopitirira 30 ali m'tulo. Zonsezi zikuloza rumatiki yobwerera. Pofika, amayi asangonena kuti mwana akumva kuphwanya m'thupi, chifukwa pamzere wautali mawu amenewo amathera pa kuyeza malungo. Anene poyambirira kuti mwanayu anadwalapo rumatiki, waphonya jakisoni, ndipo aonetse kope lija. Achipatala adzamumvetsera mtima, adzayeza magazi, ndipo akaona kuti n'koyenera adzamutumiza kukajambulidwa mtima kuchipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe.

Nthawi yobwerera kuchipatala

Pali zizindikiro zosafuna kudikira kuti kuche. Mwana akamabanika atangokhala, akamalephera kugona chagada, akakomoka, akamva kupweteka pachifuwa, akatsokomola magazi kapena thovu, apite nthawi yomweyo. Chimodzimodzi pakamwa pakapotoka, mawu akayamba kulemera, kapena mkono kapena mwendo ukafooka mwadzidzidzi, ngakhale zitatha zokha pakapita mphindi zochepa.

Zina zimalola kudikira mpaka m'mawa, koma osapitirira apo: mtima wopitirira 100 m'tulo kapena wokwera kwambiri kuposa nambala ya m'kope, kugunda kopanda dongosolo kumene kunalibepo kale, kutupa miyendo, kutopa kumene kukuchepetsa mtunda woyenda, ululu wosamukasamuka, ndi zilonda zapakhosi, ngakhale mwana akubayitsa mokhulupirika. Manja ndi nkhope zikayamba kugwedezeka zokha, mwana akugwetsa makapu ndipo zolemba zake zasokonekera, imeneyonso ndi rumatiki yagwira ubongo. Si mwano ndipo si zamatsenga. Kutentha thupi kulikonse kuyezedwe. Kukapitirira masiku angapo malungo asakupezeka, mwana akutuluka thukuta usiku ndi kuonda, achipatala akumbutsidwe za vavu ija, pakuti tizilombo timatha kumanga chisa pa vavu yopunduka, ndipo maantibayotiki ogula pagolosale amangobisa vutolo. Amene amamwa mapiritsi ochepetsa liwiro la mtima afunse dokotala nambala yotsikitsitsa yololedwa kwa iwo, popeza mankhwalawo amasintha zonse za m'kope.

Jakisoni akaphonyedwa, mwana akabayitse tsiku loyamba limene kungatheke, osadikira deti la mwezi wamawa. Asanapite kutchuthi kapena kusukulu yogonera konko, makolo apemphe achipatala alembe m'buku kuti akabayitsire pafupi ndi kumene akupitako. Zosiya jakisoni amanena ndi dokotala yekha. Ena amasiya atakwana zaka 21, koma amene mavavu anaonongeka kwambiri amapitiriza mpaka zaka 40 kapena moyo wonse. Mtsikana wotere akakula n'kuyamba kuganiza za banja, akaonane ndi dokotala wa mtima asanatenge pathupi, chifukwa pathupi magazi amachuluka pafupifupi ndi theka, ndipo vavu yothina imene inkapirira zaka zonsezi imatha kulephera pa miyezi yomaliza.