MAU OBISALA PAKATI PA MAU ENA

Tiyeni tiwerenge chiganizo ichi mokweza:

Mlomo wanga watupa.

Chiganizo ichi chili ndi mau atatu: mlomo, wanga, watupa. Pakati pa mau tasiya mipata iwiri. Tsopano tiwerengenso mofulumira, osapuma pa mpata woyamba. Kodi mwamva liu lina? Kumapeto kwa mlomo kuli MO. Kumayambiriro kwa wanga kuli WA. Tikalumikiza MO ndi WA tipeza MOWA.

Wolankhula sanatchule mowa. Iye akudandaula za mlomo wake. Koma mowa wabisala pa mpata, mwendo umodzi m'liu loyamba, mwendo wina m'liu lachiwiri. M'phunziro lino tiphunzira kusaka mau otere.

Polankhula sitimva mipata, chifukwa mau amatuluka molumikizana. Mipata timaiona pa pepala pokha. Munthu akaika mpata polakwika, nalemba m'kalata kuti "Mlo mowa nga watupa", wowerenga adzaona mowa, koma za mlomo wotupa sadzazimva.

KUMENE KUNACHOKERA ZILAPI IZI

Tonse tidziwa zilapi zimene timaponyerana madzulo pamoto. M'manyuzipepala a Chingerezi muli zilapi zolembedwa. Amajambula timabokosi tambiri, ndipo wowerenga amalemba chilembo chimodzi m'kabokosi kalikonse. Mau ena amapingasa, ena amatsika. Masewera amenewa anasindikizidwa koyamba mumzinda wa New York m'chaka cha 1913, ndipo anawakonza ndi Arthur Wynne. Atafika ku Mangalande, anthu anayamba kulemba mafunso ake mozimbaitsa. Mmodzi mwa oyambitsa anali Edward Powys Mathers, amene anayamba kulembera nyuzipepala ya The Observer m'chaka cha 1926. Njira zozimbaitsira zilipo zambiri. Imodzi yosavuta ndi iyi yobisa yankho pakati pa mau a chiganizo. Ife tiichita m'Chinyanja.

ZIGAWO ZA CHILAPI

Taonani chilapi ichi:

Mai atsukanso mbale. Muno mwabisala ndiwo ya m'nyanja. (6)

Choyamba pali chiganizo chobisa: Mai atsukanso mbale. Nkhani ya chiganizo ichi ilibe ntchito. Yaikidwa kuti tiganize za mai ndi mbale zao, tiiwale kuyang'ana zilembo.

Chachiwiri pali mau otichenjeza: muno mwabisala. Wolemba wina anganene kuti "m'kati muno muli" kapena "muno mwagona". Tikaona mau otere, tidziwa kuti yankho lalembedwa kale m'chiganizo.

Chachitatu pali tanthauzo la yankho: ndiwo ya m'nyanja.

Chotsiriza ndi nambala. Nambala 6 itiuza kuti yankho lili ndi zilembo 6. Timawerenga chilembo chilichonse pachokha.

TISAKE PAMODZI

Poyamba tilembe chiganizo chonse ndi zilembo zazikulu, osasiya mpata:

MAIATSUKANSOMBALE

Zilembo zonse zilipo 17. Tiike kadontho pansi pamene panali mipata. Mipata inali iwiri: pakati pa mai ndi atsukanso, ndiponso pakati pa atsukanso ndi mbale.

Tiyambe ndi mpata woyamba. Tiphimbe zilembo zina ndi zala, tisiye 6 zokha zikuoneka, zina kumanzere kwa mpata, zina kumanja. Tipeza MAIATS. Tisunthe zala ndi chilembo chimodzi, tipeza AIATSU. Tisunthenso, tipeza IATSUK. Onsewa si mau. Pa mpata woyamba palibe kanthu.

Tipite pa mpata wachiwiri, tichite chimodzimodzi:

KANSOM
ANSOMB
NSOMBA
SOMBAL
OMBALE

Lachitatu ndi liu lenileni: NSOMBA. Zilembo NSO zachokera kumapeto kwa atsukanso, ndipo MBA zachokera kumayambiriro kwa mbale.

Tisanakondwere, tiyese yankho ndi mafunso atatu. Kodi zilembo zakwana 6? N, S, O, M, B, A. Inde. Kodi zatsatana popanda kudumpha chilembo? Inde. Kodi nsomba ndi ndiwo ya m'nyanja? Inde. Tsono yankho ndi lomweli.

NJIRA YACHIDULE

Chinyanja chimatithandiza. Mau athu amathera ndi chimodzi mwa zilembo zisanu izi: a, e, i, o, u. Yesani nokha: khasu, munda, mbuzi, mchere, moto. Tsono pa mndandanda uja, KANSOM, ANSOMB ndi SOMBAL tingawataye osaganiza kawiri, chifukwa athera ndi M, B ndi L. Otsala ndi awiri okha, NSOMBA ndi OMBALE.

Pa chifukwa chomwechi, liu lobisala limaduka pamene pathera phatikizo. NSOMBA ingaduke NSO ndi MBA. Singaduke NSOM ndi BA, pakuti liu la kumanzere likanayenera kuthera ndi M. Tsono tikazolowera, sitifunikanso kusuntha zala. Tingotenga phatikizo lomaliza la liu limodzi ndi phatikizo loyamba la liu lotsatira, ndi kuwatchula pamodzi.

Koma tichenjere. Liu lobisala lingayambire m'kati mwa phatikizo. Taonani:

Mwana wanga, luka dengu. Muno mwabisala mlonda wa pakhomo. (4)

Tikatenga NGA ndi LU tipeza NGALU. Zilembo zake ndi 5, ndipo si yankho. Koma tikaphimba N, patsala GA ndi LU. Yankho ndi GALU. Tikalephera kupeza liu, tiyese kuphimba chilembo choyamba cha phatikizo. Onaninso kuti pambuyo pa wanga pali kachizindikiro kopumira. Posaka sitikawerengera. Timangodutsa ngati palibe.

Nthawi zina liu limadumpha mipata iwiri:

Taona tsoka la tate wake. Muno mwabisala chochokera ku positi. (6)

KA wachokera kwa tsoka, LA ndi liu lathunthu, TA wachokera kwa tate. Yankho ndi KALATA. Timau tating'ono monga la, wa, ya ndi cha timamezedwa tathunthu. Tikationa m'chiganizo chobisa, tiyang'ane mbali zonse ziwiri.

MISAMPHA ITATU

Msampha woyamba ndi kutola liu loonekera. Chilapi chikuti:

M'mundamo tomato wapsa. Muno mwabisala chinthu. (4)

Maso athu athamangira MUNDA. Koma munda uli m'kati mwa liu limodzi, sunaoloke mpata. Ndiponso zilembo zake ndi 5. Nambala yatiuza kuti talakwa. Tibwerere pa mpata: MO ndi TO. Yankho ndi MOTO.

Msampha wachiwiri ndi kukhulupirira khutu, kusiya diso. Werengani ziganizo ziwiri izi:

Bambo asankha sukulu ya mwana.
Mwana wafika sukulu isanayambe.

M'chiganizo choyamba muli KHA ndi SU, ndiye KHASU. M'chachiwiri muli KA ndi SU. Khutu lingamve ngati khasu, koma chilembo H palibe. Sitiloledwa kuonjezera chilembo, kuchotsa cha pakati kapena kusintha malo a zilembo. Tsono m'chiganizo chachiwiri mulibe khasu.

Msampha wachitatu uli pa NG ndi NG'. Taonani:

Ana adya mango masana.

Pa mpata womaliza pali NGO ndi MA. Wina anganene kuti wapeza ng'oma yoimba pa gule. Ai. Chimene chabisala ndi NGOMA, nyama ya kutchire ya nyanga zopota. Kachizindikiro ka pamwamba ka NG' sikali ngati kopumira kaja. Iko kamasintha katchulidwe, monga m'mau akuti ng'ombe ndi ng'ona. Pamene palibe, sitingakaike tokha.

TIPEKE CHILAPI CHATHU

Tisankhe liu lalifupi, monga MASO. Tilidule pa phatikizo: MA ndi SO. Tifune liu lothera ndi MA: lima, luma, kama, nyama. Tifunenso loyamba ndi SO: soya, sopo, soka. Tsono tisankhe awiri amene angakhale pamodzi m'chiganizo chomveka. "Tiluma sopo" sichimveka, ndipo mnzathu adzadziwa msanga pamene tabisa. Koma ichi chimveka bwino:

Chaka chino tilima soya. Muno mwabisala zoonera. (4)

Tisanapereke chilapi kwa anzathu, tichilembe popanda mipata, tione ngati zilembo zonse za yankho zatsatana, ndipo tiziwerenge kuti nambala ikhale yoona.

NTCHITO

Khalani awiriawiri. Lembani chiganizo chilichonse m'kope popanda mipata. Mukapeza yankho, lembani mzere kunsi kwake.

1. Mwana waphwanya mazira. Muno muli ndiwo ya paukwati. (5)
2. Alimi amalima dzinja lonse. Muno muli za pachitsime. (5)
3. Ana aimba lero. Muno muli choikamo nsima. (5)
4. Mawa mulima nonse. Muno muli otafunira. (4)
5. Kukacha lawira kumunda. Muno muli cholozera. (5)
6. Khofi si chakudya. Muno muli chilombo cholira usiku. (4)

Mukatha, aliyense apeke chilapi chimodzi. Achilembe pa bolodi, ndipo gulu lonse lisake.

MAYANKHO

Musayang'ane musanayese.

1. NYAMA: NYA wa waphwanya ndi MA wa mazira.
2. MADZI: MA wa amalima ndi DZI wa dzinja.
3. MBALE: MBA wa aimba ndi LE wa lero.
4. MANO: MA wa mulima ndi NO wa nonse.
5. CHALA: CHA wa kukacha ndi LA wa lawira.
6. FISI: FI wa khofi ndi liu lathunthu SI.