Kodi Bilimankhwe Amasintha Mtundu Kuti Abisale?

Funso: Agogo amati bilimankhwe amatengera mtundu wa chilichonse chimene wakwerapo, ngakhale chitenje chofiira. Kodi zimenezi ndi zoona? Ndine mwana wasukulu, ku Mulanje.

Yankho: Agogo anu analondola pang'ono chabe. Mukamuika pa chitenje chofiira safiira ayi. Mwina angode bii, chifukwa mwamuopseza pomugwira. Kubisala amabisala ndi mtundu wake wamasiku onse, wobiriwira kapena wotuwa, ndipo amangouwalitsa kapena kuudetsa pang'ono.

Kusintha kwenikweni kumaoneka amuna awiri akakumana pa nthambi imodzi. Onse amadzitukumula, mawanga nkuwala kwambiri. Wogonja amazimiririka, nkuda, nkuthawa, kawirikawiri asanalumane nkomwe. Wamkazi amene watenga kale mazira nayenso amada ndi kuyasamula kukamwa pokana mwamuna.

Mu 2015 akatswiri a pa yunivesite ya Geneva, pofufuza bilimankhwe wa ku Madagascar, anapeza kuti m'khungu mwake muli timiyala tating'onoting'ono tonyezimira. Akakhala phee, timiyalato timathithikana ndipo amaoneka wobiriwira. Akatekeseka timatalikirana, nkusanduka wachikasu kapena wofiirira.

Kuzizira nakonso kumamusintha: m'mawa wa mu Juni amada kuti dzuwa limutenthetse msanga.